Chopotokolera cha kuka chikasweka, musathamangire pulayazi

M'nyumba zambiri kuno ku Likuni muli kuka kapena hotipuleti yomwe ikugwira ntchito bwinobwino, koma pambali pake pamakhala pulayazi. Chopotokolera chake, chomwe ena amati nobu, chinang'aluka kalekale n'kutayidwa, ndiye aliyense wofuna kuphika amapana kachitsulo kotsalako ndi pulayazi n'kupotokola. Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho. Kachitsuloko kamalowa m'kati mwa swichi momwe muli magetsi, ndipo waya ukapsa n'kukhudza chitsulo, pulasitiki ya chopotokolera ndiyo imatchinjiriza dzanja lanu. Komanso pa kachitsulo kopanda kanthu sipaoneka ngati mwazimitsa kapena mwasiya pa 1. Pulayazi nayo imadya kachitsuloko pang'onopang'ono mpaka kamasanduka kobulungira, ndipo pofika pamenepo ngakhale chopotokolera chatsopano sichingagwirenso.

Mwana wa mlongo wanga amakonza mawailesi, mafani ndi mahotipuleti pakhonde la nyumba yathu. Mbale wathu wina wa ku Joni anamubweretsera pulinta ya 3D yogwiritsidwapo kale ntchito, pamodzi ndi mikukuto iwiri ya ulusi wa pulasitiki. Kwa amene simunawaonepo, makinawa amagwira ntchito ngati mayi woumba mbiya. Amasungunula ulusiwo, n'kuutulutsira pa kamlomo kabowo ka mamilimita 0.4, n'kumausanja mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chaima. Mzere uliwonse umakhala wochindikala mamilimita 0.2, ndiye chopotokolera chotalika mamilimita 20 chimafuna mizere 100, ntchito ya ola limodzi kapena kupitirirapo. Njirayi anaitulukira Scott Crump ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makina ake anayamba kutchipa chilolezo chake chitatha mphamvu mu 2009. N'chifukwa chake lero angathe kupezeka pakhonde ku Likuni.

Zomwe ndikulembazi ndinaziona ndi maso pakhondepo. Ndikuzilemba kuti inu eni kuka mudziwe chonyamula ndi chofunsa mukamapita kwa mmisiri wotere, ndiponso kuti wachinyamata wina amene wapeza makina ngati awa asataye ulusi umene mnyamata wathu anataya.

Ntchito yake yoyamba inali ya amayi ena okhala kuseri kwa nyumba yathu, omwe amaphika mandasi. Anabwera ndi zidutswa ziwiri za chopotokolera cha hotipuleti yawo zitamangidwa m'nsonga ya chitenje. Mnyamatayo anapita kukaona kachitsuloko, n'kuika lula ya kusukulu pamwamba pake. "Ndi 6 iyi, mayi. Madzulo ano mubwere mudzatenge." Anajambula pa kompyuta bowo la mamilimita 6, n'kuyatsa makina. Chinatuluka chokongola, chakuda, chosalala. Atapita nacho, chinakana kulowa. Anakankha ndi chikhatho, chinalowa pang'ono n'kuima. Anatenga chigwiriro cha sikuludiraiva n'kugogoda, ndipo chinangoti phwa, kung'aluka pakati, amayiwo akuonerera.

Apa panalakwika zinthu ziwiri, ndipo choyamba ndi muyezo. Kachitsulo ka chopotokolera nthawi zambiri sikakhala kobulungira konse. Mbali imodzi imakhala yosemedwa, yaphwatalala, moti mukakayang'ana kumutu kamaoneka ngati chilembo cha D. Mbali yosemedwayo ndi imene chopotokolera chimagwira pozungulira. Choncho miyezo yofunika ndi itatu: kukula kwa kachitsulo pobulungira, kukula kwake kuchokera posemedwa kufika kumsana, ndi kutalika kwa gawo lomwe latulukira kunja. Lula singathe ntchito imeneyi chifukwa kusiyana kwa chogwira ndi chosagwira ndi kagawo kamodzi kapena tiwiri mwa magawo khumi a milimita. Pamafunika kalipa, choyezera chokhala ndi nsagwada ziwiri chija chomwe amakanika amagwiritsa ntchito. Tsiku lotsatira atabwereka kalipa kwa mnzake wa pagalaja, anapeza 6.0 pobulungira, 4.6 posemedwa, ndi 12 m'litali. Tizitsulo tambiri ta mawailesi ndi makuka ndi ta mamilimita 6, koma posemedwa pamasiyana, ndipo makuka ena a gasi amakhala ndi ta mamilimita 8. Musalole kuti wina angoyerekeza ndi maso.

Chachiwiri ndi khalidwe la makinawo. Mukajambula bowo la 6.0, silituluka la 6.0. Pulasitiki yotentha imafinyidwa ndi kamlomo n'kusefukira pang'ono m'kati mwa bowo, ndipo pozizira imakokana. Bowo limatuluka lochepa ndi kagawo kamodzi, tiwiri kapena titatu, ndipo palibe buku lomwe lingakuuzeni nambala ya makina anu, chifukwa imadalira makinawo, mtundu wa ulusi ndi kutentha komwe mwaika. Mnyamata wathu anali ataumbanso chopotokoleracho bowo litayang'ana pansi. Mizere yoyambirira imapanikizidwa kwambiri pa mbale ya makina kuti imatirire, choncho kukamwa kwa bowo kunaphwanyika n'kucheperatu. Chopotokolera chiziumbidwa chozondoka, nkhope pansi, bowo kumwamba.

Atamva kuwawa kwa tsiku loyamba, analumphira mbali inayo. Anakulitsa bowo kufika 6.6 kuti lisadzakanenso. Chinalowadi mosavuta, koma chinkagwedera ngati dzino la mwana, ndipo amayi aja atapotokola kangapo, ngodya za D zinadyeka, chopotokolera n'kumangozungulira chokha swichi ili phee. Chachitatu anaika 6.3 mongoganizira, magetsi n'kuzima chili pakati. Chachinayi anachizula pa mbale chikadali chotentha pofuna kuthamanga nacho, nkhope yake n'kupindika. Masiku atatu anatha, ulusi ukupita, amayi a mandasi abwerera ku pulayazi.

Usiku wake ndinamupeza atakhala pa mpando, zopotokolera zinayi zakufa zili pa tebulo.

"Malume, makinawa ndi achinyengo. Ndikawauza china amachita china."

Ndinamufunsa kuti chimodzi chimatenga nthawi yotani, iye n'kuti ola ndi mphindi khumi. Ndinamufunsanso kuti pa chinthu chonsecho, chomwe sakuchidziwa n'chiyani. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndi bowo lokha. Za makina sindinkadziwa kanthu, koma ndinakulira pakati pa akalipentala, ndipo sindinaonepo mmisiri akupanga chitseko chonse kuti ayese ngati patasi yake ndi yakuthwa. Amayesera pa kachidutswa. Ndinamuuza zimenezi n'kupita kukagona. M'mawa ndinapeza ataumba timphete tisanu.

Njira ya timpheteyi ndi imene ndikufuna aliyense aigwire, chifukwa inathetsa theka la mavuto ake. Kamphete kalikonse ndi kotambalala mamilimita 12 kunja ndi kotalika mamilimita 5, ndipo m'kati mwake muli bowo la D. Koyamba kali ndi miyezo yeniyeni ya kachitsulo, 6.0 ndi 4.6. Kachiwiri 6.1 ndi 4.7, kachitatu 6.2 ndi 4.8, choncho mpaka kachisanu, miyezo yonse iwiri ikukwera limodzi. M'mbali mwa kamphete amajambulamo timipata, kamodzi pa koyamba, tiwiri pa kachiwiri, kuti tisasokonezeke m'thumba. Tonse tisanu timatha pasanathe theka la ola, ndipo ulusi wake ndi wochepa kuposa wa chopotokolera chimodzi. Kenako mumapita nato ku kuka, mutazula pulagi, n'kumayesa kamodzikamodzi. Kabwino ndi komwe kamalowa mukakankha ndi chala chachikulu molimbikira pang'ono, osafuna chogogodera, ndipo mukakagwedeza uku ndi uku sikasewera swichi isanayambe kuyenda. Komwe kamangogwera kokha ndi kakakulu. Komwe kakufuna nyundo kadzang'aluka, ngati si lero ndiye mawa. Pa hotipuleti ya amayi aja kanagwira ndi kachitatu.

Anasinthanso m'kati mwa chopotokolera. Makinawa akasiyidwa pa zomwe anabwera nazo amaumba makoma awiri kapena atatu okha, m'kati n'kusiya mphako zambiri ngati chisa cha njuchi. Pa chidole zilibe kanthu, koma pa chopotokolera mphamvu yonse ya dzanja imathera pa khoma lozungulira bowo. Mu pulogalamu ya Cura anakweza `Wall Line Count` kufika pa 5, ndipo anaonetsetsa kuti pulasitiki yozungulira bowo isachepere mamilimita atatu mbali zonse. Chitatha kuumbidwa, anakhala pansi manja ali m'thumba mpaka mbale itazizira, chopotokolera n'kumatuka chokha ndi kaphokoso kakang'ono. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo mphindi khumi zodikirazo zinali zovuta kwa iye kuposa kujambula konse.

Chachisanucho chinalowa bwino, amayi aja anasangalala, anatipatsa mandasi. Patatha sabata ziwiri anabweranso.

"Achimwene, chija chayambanso kuterera. Koma chodabwitsa n'choti m'mawa chimagwira, chimaterera ndikaphika nthawi yaitali."

Mawu amenewo anali ndi yankho lonse m'kati mwake. Ulusi womwe anagwiritsa ntchito unali wa PLA, womwe ndi wofala kwambiri chifukwa suvuta kuumba. Vuto lake ndi loti umayamba kufewa pa madigiri 60 okha. Chiwaya cha mandasi ndi chachikulu, chimatulukira kunja kwa puleti n'kumatsitsira kutentha pa nkhope ya hotipuleti, ndipo kachitsulo nako kamatenga kutentha kwa m'kati n'kukupereka ku bowo. Pulasitikiyo sisungunuka n'kudontha ayi, imangofewa pang'ono, ndipo nthawi iliyonse mukapotokola ikadali yofewa, bowo limatanuka n'kukhala choncho. Mukachizula n'kuyang'ana m'bowo, mupeza ngodya za D zabulungira ndipo zikunyezimira, popanda mng'alu uliwonse. Chikang'aluka, cholakwika ndi muyezo kapena makoma. Chikatanuka chosang'aluka, cholakwika ndi mtundu wa pulasitiki.

Mkukuto wachiwiri womwe unabwera ndi makinawo unali wa PETG, womwe umapirira mpaka pafupifupi madigiri 80. Umafuna kamlomo kotentha madigiri 235 kapena 240 ndi mbale ya 70 mpaka 80, pamene PLA imakhutira ndi 200 kapena 210 ndi mbale ya 60. Nthawi ino sanathamange. Anayamba waumbanso timphete tisanu, chifukwa ulusi ukasintha bowo nalo limasintha, ndipo pa PETG kanagwira ndi kachinayi, osati kachitatu. Akanangotengera nambala yakale akanaswanso china.

Inu eni kuka mungathe kudziyesera nokha ngati mmisiri wakupatsani pulasitiki yoyenera. Mupempheni kamphete kamodzi ka ulusi womwewo. Thirani m'mbale makapu awiri a madzi ongowira kumene ndi kapu imodzi ya madzi a pampopi. Kuno kumtunda madzi amawira asanafike madigiri 100, ndipo kusakaniza koteroko kumapereka madzi a pafupifupi madigiri 70. Ponyanimo kampheteko, dikirani mphindi imodzi, katulutseni ndi supuni n'kukafinya. Ka PLA kamapindika ngati chingamu, ka PETG kamakhalabe kolimba. Pa wailesi, fani kapena makina osokera, PLA ilibe vuto bola isakhalitse padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Pa chilichonse chophikira, musailole. Ndipo PETG nayo ili ndi malire ake. Pa kuka yokhala ndi uvuni, pomwe zopotokolera zili pamwamba penipeni pa chitseko ndipo mpweya wotentha umazipemerera, ndi bwino kufunafuna chopotokolera chenicheni cha kuka yakufa ya mtundu womwewo kwa ogulitsa zakale m'tauni. Zopotokolera za kufakitale zambiri zimapangidwa ndi pulasitiki yopirira moto kuposa ulusi uliwonse womwe makina a pakhonde amaumba mosavuta.

Pali cholakwa china chomwe chinandiopsa kuposa zonse, ngakhale chinagwidwa msanga. Pa chopotokolera pamakhala kamzere kolozera 0, 1, 2, 3. Kamzereko kayenera kugwirizana ndi komwe mbali yosemedwa ya kachitsulo yayang'ana pamene swichi ili yozima, ndipo izi zimasiyana kuka ndi kuka. Ina ikazima posemedwa pamayang'ana pansi, ina m'mwamba, ina cham'mbali. Pa ntchito ya banja lina la ku Chigwirizano, mnyamatayo anangotengera chojambula cha amayi a mandasi. Chopotokolera chinalowa bwino, koma chikaloza pa 0 puleti inali ikuyaka. Mwamwayi anayesa asanachoke, anaika dzanja pamwamba pa puleti n'kumva kufunda. Taganizani banja litapita kutchalitchi likukhulupirira kamzereko. Kuyambira tsiku limenelo amayamba wazimitsa swichi, n'kujambula kachitsuloko ndi foni ataima kutsogolo kwenikweni, kuti posemedwa ndi 0 wa pa kuka zionekere pa chithunzi chimodzi. Inunso mukalandira chopotokolera chatsopano, musalipire musanayese: chiloze pa 0, dikirani mphindi ziwiri, yandikizani dzanja pa puleti osaikhudza, kenako yendani manambala onse mukumvetsera ngati kugunda kwa swichi kukugwera pa nambala.

Mbiri itamveka, ntchito zinayamba kuchokera kutali. Agogo ena a ku Mitundu, cha kufupi ndi ku Bunda, anatumiza wailesi yonse ndi mdzukulu wawo, ndipo anachita bwino kutero, chifukwa kachitsulo kake kanali ka mtundu wina, kokhala ndi timano 18 kuzungulira ndi mpata pakati. Timano timeneto ndi tating'ono kwambiri moti kamlomo ka 0.4 sikatiumba bwino. Anangoumba bowo lobulungira lothina pang'ono, kuti timano ta chitsulo tidzilumire tokha m'pulasitiki, ndipo kukula kwake anakupezanso ndi timphete. Ngati kachitsulo kotere kapanikizika n'kutseka mpata wake, amakatsegula pang'ono kwambiri ndi nsonga ya sikuludiraiva, chifukwa mbali imodzi ikathyoka ndiye kuti swichi yonse yapita.

Koma ntchito ya ku Nathenje anaikana kaye, ndipo ndinakondwera naye. Bambo wina wa lesitilanti m'mbali mwa msewu wa M1 anatumiza chithunzi pa foni cha kuka ya gasi, nati aumbe zinayi, adzatenga Loweruka. Pa gasi chopotokolera chimayamba chakankhidwira m'kati kenako n'kupotokoledwa, ndipo ichi ndi chitetezo choti mwana kapena chigongono chisatsegule gasi mwangozi. Bowo likazama kwambiri, siketi ya chopotokolera imagunda nkhope ya kuka kachitsulo kasanakankhike mokwana, ndipo munthu amayamba kukakamiza. Chikakhala kuti chakanirira pa nkhopeyo, kachitsulo sikabwerera kunja kukadzitseka. Pamafunika mpata wa mamilimita angapo pakati pa chopotokolera ndi kuka, ndipo mpata umenewo suyezedwa pa chithunzi. "Bambo, ndibwera ndekha ndi kalipa, kapena munditumizire chimodzi chomwe chikadali chamoyo," anatero pa foni. Bamboyo anadandaula za kuchedwa, koma Lolemba anatumiza chimodzi ndi kondakitala wa minibasi, ndipo mnyamatayo anapitabe yekha kukaziyesa pa kukayo asanalandire ndalama.

Pamenepa mwaona kale zoyenera kunyamula. Chinthu chikakhala chonyamulika, nyamulani chonse. Chikakhala chachikulu, zulani chopotokolera chinzake chomwe chili bwino, pochikoka molunjika osachipotoza, kapena muitaneni mmisiriyo kunyumba. Zidutswa za chosweka musataye, makamaka kachitsulo kopyapyala kopindika komwe kamakhala m'kati mwa bowo la zopotokolera zambiri za makuka. Kameneka ndi sipuling'i yogwira kachitsulo, ndipo mmisiri akakasiyira malo m'chatsopano, chimagwira kwa nthawi yaitali kuposa pulasitiki yokha. Guluu wa supa musamuyandikize. Amatsikira m'kati mwa swichi n'kuiumitsa, ndipo tsiku lofuna kukonza kuka, chopotokolera sichizukanso.

Mvula itayamba mu Disembala, panabuka vuto lomwe linamusokoneza mutu mnyamatayo kwa sabata yathunthu. Zonse anali akuchita monga kale, koma zoumbazo zinkatuluka zaubweya ngati ukonde wa kangaude, zokhakhala, ndipo mizere inkalekana akaifinya ndi zala. Anamasula kamlomo, anasintha kutentha, anakhwimitsa malamba, osathandiza. Tsiku lina atazimitsa wailesi anamva kamlomo kakuthetheka ngati mchere pamoto. Ulusi unali utamwa chinyezi cha m'mpweya, ndipo madziwo ankawira potuluka n'kusiya timabowo m'mizere. PETG imauma ikakhala pa madigiri pafupifupi 65 kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi, PLA pa 45 okha. Iye anagoneka mkukutowo pa mbale ya makina omwewo, n'kuitenthetsa, n'kuvundikira ndi katoni yoboola timabowo pamwamba. Uvuni wa kukhitchini ndi woopsa pa ntchito imeneyi chifukwa kutentha kwake kumalumpha, mkukuto wonse n'kumatirirana. Tsopano ulusi umagona m'chidebe chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'makatoni a nsapato.

Za magetsi alibe nazo mphamvu. Makina ake amatha kupitiriza pomwe anasiyira magetsi akabwera, koma mbale ikazizira choumbacho chimamatuka, ndipo ngakhale chisamatuke, pa mzere wolumikizirapo pamakhala pofooka. Chopotokolera chotere sapereka kwa munthu. Amaumba chimodzichimodzi m'malo mwa zinayi pakamodzi, kuti magetsi akazima ataye chimodzi chokha, ndipo munthu akafunsa kuti chitha liti, salonjezanso madzulo a tsiku lomwelo. Amati abwera ndi timphete mawa, chopotokolera mkuja.

Miyezo yonse amailemba m'kope la sukulu: mtundu wa kuka, manambala atatu a kalipa, kamphete komwe kanagwira, ulusi womwe anagwiritsa ntchito, ndi komwe posemedwa pamayang'ana ikazima. Sabata yatha amayi a mandasi anabwera ndi chopotokolera cha puleti yachiwiri, chakufakitale, nacho chitang'aluka. Mnyamatayo anatsegula kope, napeza tsamba lawo, koma anatengabe kalipa ndi timphete n'kuwatsatira kuseri kwa nyumba, chifukwa kachitsulo ka mbali imeneyo kanalumidwapo ndi pulayazi.